Kukonza ndime popanda kuchotsa mawu a mwini wake

Taonani ndime iyi. Tinene kuti mwini wake wakupatsani kuti muikonze.

[Pa sikirini]
"Mvula inayamba usiku. Denga linayamba kudontha. Ndinasuntha bedi. Ndiye ana anadzuka, ndiye ndinawafunditsa, ndiye iye anabwera ndi ndowa."

Musanagwire chilichonse, pezani chimene chalakwika. Pano zilipo ziwiri zokha: "ndiye" wabwera katatu m'chiganizo chimodzi, komanso sitikudziwa kuti "iye" ameneyu ndi ndani.

Koma okonza ambiri dzanja limawayabwa, amalemba chonchi:

[Pa sikirini]
"Chifukwa cha mvula yamphamvu imene inagwa usiku umenewo, denga linayamba kudontha, zomwe zinachititsa kuti banja lonse lidzuke ndi kuchitapo kanthu."

Galamala yake ndi yolondola, koma si munthu uja akulankhulayu. Werengani mawu. Ziganizo zoyamba za mwini wake zili ndi mawu atatu, atatu, awiri. Ichi chili ndi mawu 20. Mwini wake amati "ndinasuntha", ali m'nyumbamo, akunyowa. Wokonza wamutulutsa n'kuikapo "banja lonse", ngati lipoti la ku ofesi. Nanga "yamphamvu" wachokera kuti? Mlembi sananene kuti mvulayo inali yamphamvu. Mwina dengalo ndiye linali lotha.

Tsopano tiikonze bwino. Tichigawa chiganizo chachitalicho kuti chifanane ndi zinzake. "Ndiye" tisiya mmodzi, chifukwa ndi mmene munthuyu amalumikizira nkhani, ndipo tikachotsa onse atatu tamuchotsa mwini wakeyo.

Pa "iye" m'pamene muyenera kudekha. Tinene kuti masamba ena akusonyeza kuti ndi mkazi wake. Musangolemba mmene inuyo mumatchulira. Dinani Ctrl+F, mufufuze m'zolemba zake zonse: amati "mkazi wanga" kapena "akazi anga"? Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma kumanena zaulemu ndi msinkhu wa wolankhulayo, ndipo owerenga amamva msanga mukasakaniza. Tinene kuti tapeza kuti amati "akazi anga".

[Pa sikirini]
"Mvula inayamba usiku. Denga linayamba kudontha. Ndinasuntha bedi. Ana anadzuka, ndinawafunditsa. Ndiye akazi anga anabwera ndi ndowa."

Ena afunsa kuti bwanji "inayamba" ndi "linayamba" ndazisiya zitatsatana. Ine ndikuona kuti kubwerezako kukugwira ntchito: mavuto akuyamba limodzi pambuyo pa linzake. Ngati mukukayika, ikani ndemanga m'mphepete, mwini wake asankhe yekha.

Mukamaliza, werengani mokweza ndime zitatu: yam'mwamba, yokonzedwayo, ndi yotsatira. Ndime yokonzedwa mukaiwerenga payokha imamveka bwino nthawi zonse, chifukwa ndi yanu. Msoko umaonekera polumikizira. Pamene mpweya wanu wasintha, kapena mwayamba kuwerenga ngati mukulengeza, bwererani pomwepo muone liwu limene mwabweretsa. Ngati silipezeka pena paliponse m'zolemba zake, lichotseni, pokhapokha ngati popanda ilo tanthauzo likusokonekera.