Makalata a Omvera: Nkhuku ya M'filiji Yomwe Inasungunukapo

Tiyambe ndi kalata ya mayi a ku Chitakale. Akuti: "Loweruka ndinagula nkhuku ya m'filiji pa golosale ina. Pansi pa jumbo panali ayisi wofiirira, nkhukuyo itaphwatalala mbali imodzi. Wogulitsa anati zimabwera choncho. Kodi anandipusitsa? Ndisiye zam'filiji, ndizigula zamoyo?"

Mayi, pepani, sizibwera choncho. Nkhuku ikaumitsidwa bwino ku fakitale, madzi ake amaumira m'kati mwa nyama. Ayisiyo amang'amba timinofu ting'onoting'ono, ndiye ikasungunuka madzi ofiirira aja amatuluka n'kutsetserekera pansi pa jumbo. Filiji ikayakanso, amaumira pomwepo. Umboni wake ndi umenewo. Kuphwatalalako n'chifukwa chakuti inafewa ili pansi pa zinzake, zinaipsinja, n'kuuma mmene inapsinjikiramo. Nkhuku youma gwa ngati mwala singapindike, ngakhale muikhalire.

Tsiku lina mukapitanso, itengeni m'manja, musachite manyazi. Itembenuzeni, muone m'makona a jumbo. Kachipale koyera kopyapyala si vuto, koma chibuma cha ayisi, makamaka chamagazi, chikanizeni. Dinikizani pachidali ndi chala: pakabonyoka, filijiyo sikugwira ntchito, poti yoyenera imafika madigiri 18 kunsi kwa ziro. Ngati ndi paketi ya zidutswa, igwedezeni. Kawirikawiri zidutswa zimagobedeka pachokhapachokha. Zikamatana kukhala mulu umodzi, kayikirani. Onaninso pepala la mtengo, ngati linanyowapo n'kukwinyika kapena zilembo zake zinasuluka.

Chondipweteka n'chakuti kuzizira sikupha tizilombo. Salimonela, kachilombo kotsegula m'mimba, amangogona tulo. Nyama ikafunda kupitirira madigiri 5 amadzuka n'kuyamba kuswana, ndipo kukatentha ngati mmene kumachitira mu Okutobala, maola awiri ndi ambiri kale. Ikaumanso, amagona ali ochuluka kuposa poyamba. Inu simungadziwe kuti inafunda kwa ola limodzi kapena usiku wonse. Yosungunuka pang'ono, ikadali ndi ayisi m'kati, imangotaya kukoma basi, koma pa kauntala ndani angakuuzeni zoona? Mukaisungunula kunyumba n'kupeza ikuterera, yatuwa kapena ikumveka kafungo kowawasa, tayani. Anyezi ndi kale sizichotsa matenda.

Tsono inu eni magolosale, kuyambira ku Limbuli mpaka ku Luchenza, sabata ino makalata anayi akudandaula za inu. Kuzima kwa magetsi si mlandu wanu, tikudziwa. Koma filiji ya bokosi yodzaza, mukapanda kuitsegula, imasunga nyama pafupifupi masiku awiri. Yofika theka, tsiku limodzi. Nanga inu mumatani? Mwaikamo mafilizesi ndi zakumwa, mwana aliyense wobwera ndi kandalama kake mukutsegula. Ena mumachita kuzimitsa dala usiku kuti mayunitsi asathe. Abale, amene akudya nkhukuyo ndi ana a anansi anu omwe.

Pa funso lachiwiri, mayi, musathawe zam'filiji zonse. Nkhuku yomwe yakhala youma kuchokera ku fakitale ndi yabwino kuposa yonyonyola m'mawa yomwe yatandala pa benchi, ntchentche zikuimbapo kwaya. Ine ndekha, ndikapeza mpata, ndimagula yamoyo, ndiione maso ali gwa, lipombo lili psuu, ndikazinge ndekha n'kuphika tsiku lomwelo. Mpata ukasowa, ndimagula yam'filiji pamalo pomwe katundu amatha msanga.

Bambo a ku Bvumbwe akufunsa ngati mafupa akuda ndi chizindikiro choti nkhuku inaola. Ayi bambo. Nkhuku zachizungu zimaphedwa zili ndi masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, mafupa akadali anthete, ndiye zikaumitsidwa mafuta a m'fupa amatulukira kunja n'kudetsa fupalo. Idyani.

Achemwali a ku Nkando akuti amasungunula nkhuku padzuwa, pamwamba pa thandala. Achemwali, nkhuku si makaka! Isiyeni m'munsi mwa filiji, mbali yongoziziritsa osati youmitsa, usiku wonse ili m'mbale, kapena muiviike m'madzi ozizira ili m'jumbo yomanga bwino, muzisintha madziwo mphindi 30 zilizonse. Ikasungunuka m'madzi, iphikeni nthawi yomweyo mpaka pafupa pa ntchafu pasaoneke magazi.

Mnyamata wa ku Thyolo boma akuti nkhuku yake inali ndi zigamba zoyera, zouma ngati chikopa. Imeneyo yapsa ndi kuzizira chifukwa jumbo inabooka kapena yakhalitsa. Siidwalitsa, dulani pomwepo mutaye, koma golosaleyo katundu sakuyenda.

Womaliza ndi agogo a ku Chonde, akuti iwo amadya yachikuda yokha. Agogo, nanga kalatayi mwalemberanji, kutinyogodola? Tikubwera Lamulungu, muyambiretu kuithamangitsa.