Mndandanda wa timadontho ukasokonekera: tikonze chidziwitso cha madzi osefukira

[Wofotokoza wakhala pamthunzi, pepala lili m'manja]

Moni nonse amene mukuonera, kaya muli ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena kutsidya kwa Shire ku Makhanga. Lero tili ndi pepala limodzi lokha, ndipo tilikonza limodzi mpaka liwerengeke bwino. Nkhani yake ndi ya mfundo zija timazindandalika ndi timadontho kumayambiriro, zomwe ena amati mabuleti.

Tiyerekeze kuti komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwanu yakumana mvula isanayambe. Kuno kuchigwa palibe amene angafunse chifukwa chake. Madzi a mu Januwale 2015 tikuwakumbuka, namondwe Ana wa 2022 ndi Freddy wa mu Malichi 2023 tikuwakumbukanso. Mlembi walemba zomwe agwirizana, ndipo akufuna kuzimata pabolodi ya kusukulu ndi kuzitumiza pa WhatsApp. Walemba motere.

[Pa sikirini]

Madzi akayamba kukwera, banja lililonse liyenera:
- Kusamutsira ziweto kumtunda
- Mangani zitupa ndi mabuku akuchipatala m'jumbo
- Tochi, machesi ndi mankhwala
- Ana asawoloke mtsinje
- Amfumu adziwitsidwe
- Msasa uli kusukulu ya pulayimale

[Wofotokoza]

Mfundo zonsezi ndi zanzeru, ndipo mlembiyu sitingamunene kuti sadziwa Chichewa. Chimene chachitika n'chakuti pamsonkhano anthu amayankhula mosiyanasiyana. Wapampando ati "mangani", mayi wina ati "ana asawoloke", wina angofuula kuti "tochi!" Mlembi amalemba monga wamvera. Mindandanda yambiri imasokonekera choncho, kapena imasokonekera pamene munthu wina wadzawonjezera mfundo yake patapita masiku.

Ndiye tidziwa bwanji kuti pali vuto? Onani mawu ali pamwambawo, otsegulira mndandanda: "banja lililonse liyenera". Chiganizo chimenechi sichinathe, chikudikira kuti mfundo iliyonse ichimalize. Tengani mawuwo, muwalumikize ndi mfundo imodziimodzi, muwerenge mokweza. Mokweza ndithu, osati chamumtima.

"Banja lililonse liyenera kusamutsira ziweto kumtunda." Zamveka.

"Banja lililonse liyenera mangani zitupa." Lilime lakana.

"Banja lililonse liyenera tochi, machesi ndi mankhwala." Liyenera kutani nazo? Kugula? Kubisa?

"Banja lililonse liyenera msasa uli kusukulu." Apa ndiye zatheratu.

Mwa mfundo zisanu ndi imodzi, imodzi yokha ndiyo yalumikizana ndi mawu otsegulira. Zinazo chilichonse chayenda njira yake. Yachiwiri ikulamula, yachitatu ndi mayina a zinthu chabe opanda mneni, yachinayi ikuletsa ana, yachisanu sikunena wochita, ndipo yomalizayo ikungopereka uthenga. Wowerenga akafika pa dontho lililonse ayenera kuyambiranso kudzifunsa kuti, kodi apa akundiuza chochita, kapena akungondidziwitsa? Munthu amene akuwerenga pa chimkuzamawu madzulo, mwinanso akumasulira mu Chisena pomwepo, alibe nthawi yoti azidzifunsa zimenezo.

Kukonza kwake kumayamba ndi kusankha maonekedwe amodzi. M'Chichewa, mndandanda wa zochita uli ndi njira zitatu zodziwika. Mutha kuyamba mfundo zonse ndi "ku-", monga kusamutsa, kumanga, kutenga. Mutha kulamula: samutsani, mangani, tengani. Kapena mutha kudziphatikizamo: tisamutse, timange, titenge.

Ambiri amathamangira "ku-" chifukwa mfundo yoyamba yayamba choncho, komanso imagwirizana ndi "liyenera". Koma musanasankhe, yang'anani mfundo yovuta kwambiri pamndandandawo, osati yoyamba. Pano yovuta ndi ija yoletsa. Tikaiika mu "ku-" ikhala yakuti "banja lililonse liyenera kusalola ana kuwoloka mtsinje". Galamala yake ndi yolondola, koma ndani amayankhula choncho? Chenjezo latha mphamvu. Kwa ine, "ku-" ndi wabwino pamndandanda wa zolinga za kalabu ya alimi a thonje, kapena pofotokoza ntchito za msungichuma. Koma pepala louza anthu chochita madzi akubwera lifunika kulamula.

Tikasankha kulamula, mawu otsegulira nawonso asinthe, chifukwa "liyenera" sagwirizana ndi "mangani". Tilembe kuti: "Madzi akayamba kukwera, chitani izi." Anthu amaiwala kuti mawu apamwambawa nawonso ndi ololedwa kuwasintha. Nthawi zina kusintha mzere umodzi umenewu kumachepetsa ntchito yonse.

Tsopano mfundo imodziimodzi. Yoyamba ndi yosavuta: "Samutsirani ziweto kumtunda." Yachiwiri inali kale yolamula, tiisiye.

Yachitatu ilibe mneni, ndiye tiupeze. Apa chenjerani, chifukwa mneni amene mungaikepo ndiye tanthauzo lenilenilo. "Gulani tochi" ndi "tengani tochi" ndi malangizo awiri osiyana. Woyambayo ndi wa mwezi wa Okutobala, pamene kunja kukadali ng'amba. Madzi akayamba kukwera palibe wopita kugolosale. Choncho: "Tengani tochi, machesi ndi mankhwala."

Yachinayi: "Ana asawoloke mtsinje." Mfundo zina zonse zikuyankhula ndi akuluakulu a pabanja, koma iyi yatembenukira kwa ana. Tiibweze kwa munthu yemweyo amene tikuyankhula naye: "Musalole ana kuwoloka mtsinje." Mwina wina anena kuti, komatu "musalole" sakuthera ndi "-ni" ngati anzakewo. N'zoona, ndipo palibe cholakwika. M'Chichewa kuletsa kumatero, sitinena kuti "salolani". Chimene tikufananitsa si zilembo zakumapeto, koma kuti mfundo zonse zikhale zolamula ndipo zilunjike kwa munthu mmodzimodzi. Chongofunika kusamala n'chakuti ngati zoletsa zili ziwiri kapena zitatu, musasakanize "musalole" ndi "osalola". Sankhani imodzi.

[Kamera iyandikire mfundo yachisanu]

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. "Amfumu adziwitsidwe." Mawu awiri okha, ooneka aulemu, koma abisa zinthu ziwiri: awadziwitse ndani, ndipo awadziwitse chiyani? Mukangosintha mwachangu n'kulemba kuti "Dziwitsani amfumu", mwapereka ntchitoyo kwa banja lililonse. Nanga ngati pamsonkhano paja anagwirizana kuti wapampando wa komiti ndiye adzauze amfumu kuti madzi afika pa chizindikiro chofiira? Ndiye kuti mwakonza galamala koma mwasintha chigamulo cha msonkhano.

Mukafika pamfundo yotere musaganizire. Imbani foni kwa mlembi kapena wapampando, mufunse kuti, "Kodi apa munkatanthauza kuti adziwitse ndani?" Mayankho angakhale awiri. Akati ndi ntchito ya komiti, mfundoyo ichoke pamndandanda wa mabanja, ipite pa wa komiti. Akati banja lililonse liuze amfumu kumene lathawira, kuti powerenga anthu pasapezeke wosowa, ndiye tilemba zonse: "Dziwitsani amfumu kumene mwathawira." M'chitsanzo chathuchi titenge yankho lachiwirili. Mwaona kuti mfundoyo yatalika. Zilibe kanthu, mfundo siziyenera kufanana kutalika.

Yatsala yomaliza: "Msasa uli kusukulu ya pulayimale." Imeneyi si ntchito, ndi uthenga. Pali njira ziwiri. Mutha kuichotsa pamndandanda n'kuilemba payokha pansi, ngati chiganizo wamba. Kapena mutha kuisandutsa lamulo: "Pitani kumsasa wa kusukulu ya pulayimale." Koma lamulo limeneli likunena kuti aliyense apite kumeneko, pamene ena amathawira kwa abale awo kumtunda, ndipo mfundo yachisanu ija yavomereza kale zimenezo. Ine ndingaitulutse. Si mfundo iliyonse imene iyenera kukakamizidwa kulowa pamzere. Ina ikakana, ndiye kuti si ya pamndandandawo.

[Pa sikirini]

Madzi akayamba kukwera, chitani izi:
- Samutsirani ziweto kumtunda.
- Mangani zitupa ndi mabuku akuchipatala m'jumbo.
- Tengani tochi, machesi ndi mankhwala.
- Musalole ana kuwoloka mtsinje.
- Dziwitsani amfumu kumene mwathawira.

Amene alibe kothawira apite kumsasa wa kusukulu ya pulayimale.

[Wofotokoza]

Tsitsani maso kumanzere, muwerenge mawu oyamba okha: samutsirani, mangani, tengani, musalole, dziwitsani. Munthu wothamanga atha kugwira uthenga ndi mawu asanu amenewo. Onaninso kuti ndaika mpumiro kumapeto kwa mfundo iliyonse, chifukwa tsopano iliyonse ndi chiganizo chathunthu. Ukanakhala mndandanda wa mayina okha, monga tochi, machesi, ndowa, mpumiro sukanafunika. Chachikulu n'chakuti mukaika pa imodzi, ikani pa zonse.

Alipo ena a komiti amene anganene kuti, ife sitingalamule madoda ndi amayi athu ngati ana. Chabwino. "-ni" uja ndi waulemu kale, koma ngati mukuonabe kuti walimba, gwiritsani njira yachitatu ija, musinthe zonse pamodzi ndi mawu otsegulira: "tichite izi", kenako timange, titenge, tisalole, tidziwitse. Chimene sichiloledwa ndi kufewetsa mfundo ziwiri n'kusiya zitatu zikulamula.

Tsopano tiyerekeze kuti patapita sabata, mayi wina wa m'komiti wakumbukira kanthu, ndipo watumiza pagulu kuti: "Okalamba ndi olumala athandizeni." Mfundo yabwino kwambiri, ndipo ndi yolamula ndithu. Koma yayamba ndi dzina, mneni wapita kumapeto, ndiye diso lotsika kumanzere lija lipunthwa. Itembenuzeni: "Thandizani okalamba ndi olumala kusamuka." Ndipo musangoiponya pansi chifukwa yabwera mochedwa. Anthu amatsogola, ziweto pambuyo, choncho iyi ikhale pamwamba penipeni, mbuzi ndi ng'ombe zitsatire.

[Pa sikirini: foni, chala chikulemba]

Amene mutumize pa WhatsApp, lembani kamzere aka `-` kenako siyani mpata umodzi musanayambe mfundo, ndipo kadontho kadzionekera kokha. Chiganizo cha msasa chija muchilembe pamzere wakewake wopanda kadontho. Musanatumize, mupatseni mnzanu foniyo, awerenge mokweza kuyambira pa "chitani izi" mpaka pansi. Akaima penapake n'kubwerera, yang'anani mfundo imeneyo.