Tisanatumize Yeremiya 29:11 pa gulu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a gulu lathu la WhatsApp kuno ku Harare, a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Epworth ndi kwina konse kumene foni yakupezani. Sabata ino udindo wotumiza mawu a m'mawa uli ndi ine. Lero ndalemba motalikirapo kusiyana ndi masiku onse, choncho amene muli kale mu kombi mudzamalizitse madzulo.

Vesi lathu ndi Yeremiya 29:11, pamene Yehova akunena kuti akudziwa zimene akuwalingalirira anthu ake, zamtendere osati zoipa, kuti awapatse tsogolo ndi chiyembekezo. Palibe vesi lomwe limabwerabwera pa gulu lathu ngati limeneli. Limabwera pa chithunzi cha maluwa, nthawi zina pamwamba pake palembedwa Forwarded many times, ndipo pansi pake munthu wina wosadziwika amawonjezera kuti mwezi uno sutha usanalandire zako. Ife timayankha Ameni, ndi timanja topemphera tija. Vesilo ndi loona ndipo ndimalikonda. Vuto langa lili pa mawu owonjezerawo.

Tsegulani mutu 29 kuyambira pa vesi 1 muone. Iyi ndi kalata. Yeremiya anailemba ali ku Yerusalemu, kulembera akuluakulu, ansembe, aneneri ndi anthu onse amene mfumu Nebukadinezara anawatenga kupita nawo ku Babulo. Gulu limeneli linatengedwa m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, pamodzi ndi mfumu Yekoniya, amayi ake, ndi amisiri a matabwa ndi osula zitsulo. Kalatayo inanyamulidwa ndi Elasa ndi Gemariya, amithenga amene mfumu Zedekiya ankawatuma ku Babulo. Anthu oilandirawo anali atangokhala m'mphepete, mitima ili kwawo, akudikira tsiku lobwerera.

Ndipo wowalonjeza za kubwerera msanga analipo. Bwererani mutu umodzi, pa mutu 28. Mneneri Hananiya anaima m'nyumba ya Yehova, pamaso pa ansembe ndi anthu onse, nanena kuti zaka ziwiri zisanathe goli la mfumu ya ku Babulo lithyoka, ziwiya za m'kachisi zibwerera, andende onse abwerera. Mukudziwa amene anayamba kuyankha Ameni? Yeremiya yemwe, pa vesi 6. Nayenso ankalakalaka zitatero. Koma anawonjezera kuti mneneri wolosera mtendere amadziwika pamene mawu ake achitikadi. Hananiya anachotsa goli lamtengo lomwe Yeremiya anavala m'khosi, n'kulithyola anthu akuona. Yehova anayankha kuti m'malo mwa goli lamtengo padzakhala lachitsulo, ndiponso kuti Hananiya wachititsa anthu kukhulupirira bodza. Ulosi uja anaunena mwezi wachisanu, ndipo mwezi wachisanu ndi chiwiri wa chaka chomwecho Hananiya anamwalira.

Tsono kalata ya Yeremiya ikunena zosiyana kotheratu. Pa vesi 5 mpaka 7 akuti mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, berekani ana, akwatitseni anawo nawonso abereke, muchulukane kumeneko. Funirani mtendere mzinda umene ndakupititsaniko, muupempherere, chifukwa mtendere wake ndiwo mtendere wanu. Pa vesi 8 ndi 9 akuwachenjeza za aneneri ndi olota maloto amene sanatumidwe. Pa vesi 10 akutchula nthawi: zaka 70. Zitatha zonsezi m'pamene vesi 11 likubwera.

Taganizani bambo wa zaka 40 akumva kalatayi ikuwerengedwa. Akawerengetsera, akuona kuti iye sadzaionanso Yerusalemu. Lonjezo ndi lake ndithu, koma odzayenda ulendo wobwerera ndi adzukulu ake, ndipo ntchito yake ndi kuumba njerwa lero. N'chifukwa chake kalatayi sinakondweretse onse. Semaya, mmodzi mwa amene anali ku Babulo, analemba kalata yake kupita kwa wansembe Zefaniya ku Yerusalemu, kudandaula kuti bwanji simunamudzudzule munthu amene akutiuza kuti tikhalitsa kuno. Babulo anadzagwa m'manja mwa Koresi mu 539 Khristu asanabadwe, ndipo pambuyo pake Ayuda analoledwa kubwerera kwawo. Mawu a Yehova anakwaniritsidwa, patapita zaka zambiri monga Iye ananena.

Ndiye pamene tikutumiza vesi 11 lokha n'kumatirapo kuti mwezi uno, tatenga mawu a Yeremiya n'kuwaveka uthenga wa Hananiya. Pa gulu lathu pano alipo mayi amene akudikira mapepala a mwana, alipo mnyamata wa digiri amene akugulitsa ma chaja m'tauni, alipo amene akudwazika matenda osachira msanga. Akawerenga kuti mwezi uno, amawerengadi masiku. Mwezi ukatha popanda kanthu, sakwiyira wotumiza chithunzi uja. Amayamba kudzifunsa ngati chikhulupiriro chawo n'choperewera, kapena ngati Mulungu amanama. Ena amangosiya kutsegula gulu. Bodza loterolo kulizindikira n'kosavuta: ngati uthenga ukutchula tsiku limene vesi silinatchule, kapena ukuti dalitso lifika ukautumiza kwa anthu khumi, gawo limenelo ndi la munthu. Lifufuteni, mutumize vesilo.

Kwa ife Amalawi a kuno kalata imeneyi imatikhudza pena pake, ngakhale tisafananitse zinthu mopyola muyeso. Agogo athu sanagwidwe pa nkhondo, ndipo Harare si Babulo. Anabwera okha kudzafuna ntchito m'mapulazi a fodya, m'migodi, m'nyumba za azungu, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Ambiri ankati ndingopeza njinga ndi makina osokera ndibwerera. Kumudzi anawatcha matchona. Koma anamanga, anakwatira, anayambitsa mipingo yopemphera m'Chinyanja, ndipo ambiri anagona m'manda a konkuno. Ife amene tikuwerenga uthengawu ndife adzukulu aja. Choncho vesi 7 sitingalidumphe. Mipope ikauma ku Budiriro, sifunsa kuti kwanu ndi ku Dedza kapena ku Murehwa. Kodi m'mawu athu a m'mawa, ndi liti pamene tinapempherera mzinda uno ndi oulamulira, osati kungopempherera njira yotulukira kupita ku Joni?

Ena munandifunsa kuti nanga uthenga wachidule ungasenze bwanji zonsezi, poti pa foni anthu safuna zitalizitali. N'zoona, ndipo ine sindikupempha ulaliki. Ntchito yaikulu imachitika usiku wa dzulo lake, osati pa uthengawo. Ine ndimawerenga mutu wonse umene vesi lilimo, ndipo ngati vesi layamba ndi mawu ngati "pakuti", ndimabwerera m'mbuyo mpaka nditapeza chimene chikufotokozedwacho. Kenako ndimadzifunsa kuti akulankhula ndani, akuuza yani, ali pati. Funso limeneli limapulumutsa zambiri, chifukwa m'buku la Yobu muli mawu okoma a anzake a Yobu amene Yehova anadzawadzudzula pa mutu 42, ndipo munthu angathe kuwaika pa chithunzi cha maluwa osadziwa. Tizikumbukira kuti manambala a mavesi anaikidwa mochedwa kwambiri, a Chipangano Chatsopano mu 1551, pofuna kuthandiza kupeza malo. Yeremiya analemba kalata yathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi khumi zokha zimakwanira.

Ndikamaliza, ndimalemba vesi ndi malo ake, chiganizo chimodzi chonena kumene mawuwo ananenedwa, chinthu chimodzi choti tichite lero, ndi pemphero lalifupi. Wa lero ukanakhala wachidule, ukanaoneka chonchi:

Yeremiya 29:7, 11. Yehova akudziwa zimene akutilingalirira, zamtendere osati zoipa. Mawu awa analembera anthu okhala kudziko la eni, amene anauzidwa kuti adikira zaka 70, koma amange nyumba, alime, apempherere mzinda umene alimo. Ngati mukudikira kanthu, musaimitse moyo: gwirani ntchito ya lero, ndipo tchulani dera lanu m'pemphero. Ambuye, tsogolo lathu lili m'manja mwanu, tipatseni mphamvu za lero, ndipo patsani Harare mtendere. Ameni.

Uthenga woterewu munthu amaumaliza asanatsike kombi, ndipo WhatsApp siudula ndi Read more. Mwaona kuti ndaphatikiza vesi 7. Kawirikawiri vesi loyandikana nalo ndi limene limateteza linzake kuti lisapotozedwe, ndipo kuliwonjezera kumangotenga mzere umodzi.

Malo a vesi musamawasiye, chonde. Ana athu ambiri amamva Chichewa koma kuwerenga anazolowera Chishona ndi Chingerezi, ndiye akaona buku, mutu ndi vesi angathe kutsegula Baibulo lawo. Mukalemba mawu enieni a vesi, koperani m'Baibulo lotsegula, osati za pamtima, ndipo nenani ngati ndi Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, chifukwa mawu amasiyanako ndipo akuluakulu ozolowera lakale amadabwa. Mukafotokoza m'mawu anuanu, monga ndachitira ine pamwambapa, musaike zizindikiro zosonyeza kuti mwagwira mawu.

Za zithunzi, ine ndimakonda mawu olemba. Ambiri pa gulu lino anatseka zoti zithunzi zizitsika zokha pofuna kusunga bandulo, choncho vesi la pa chithunzi amangoona chimbuuzi n'kupitirira. Kwa agogo amene maso anayamba kuvuta, jambulani mawu anu mukuwerenga uthenga womwewo, osapitirira mphindi imodzi, ndipo muwerenge mofatsa, wailesi itazimitsidwa. Nthawi yabwino ndi isanakwane 6 koloko. Amayi okagula matimati ku Mbare Musika amakhala atanyamuka kale mdima ulipo, koma amaupeza akamapuma. Ndipo amene ali ndi udindo achaje foni usiku magetsi akadalipo.

Palinso masiku ena ofuna kusintha zimene munakonza. Mukadzuka n'kupeza uthenga wa maliro pa gulu, musatumize vesi lachikondwerero pansi pake chifukwa choti munalikonza dzulo. Ngakhale Yeremiya 29:11 ndingalisunge tsiku limenelo. Salimo 34:18, lonena kuti Yehova ali pafupi ndi osweka mtima, limakwanira lokha popanda ndemanga, kenako tizikambirana za chipepeso ndi amene akupita kukagona kusiwa.

Tiyeni tipemphere. Atate, Inu munatuma kalata kwa anthu anu ali kutali ndi kwawo, ndipo simunawanamize za kutalika kwa nthawi. Tikupempherera amene akudikira mapepala, ntchito, kapena machiritso, kuti asataye mtima. Tikupempherera mzinda wa Harare, madzi ake, zipatala zake, oyendetsa makombi, aphunzitsi, ndi onse audindo. Kumbukiraninso abale athu kumudzi. Tetezani zala zathu kuti tisalembe m'dzina lanu zimene simunanene. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Mawa tiwerenga Yeremiya 29:12-14. Amene mungathe, werengani mutu 28 ndi 29 yonse usiku uno, ndipo ndandanda ya otumiza mawu mwezi wamawa ikufunikabe anthu awiri a ku Epworth.