Phala la mgaiwa: muli chakudya chochuluka bwanji m'mbale ya mwana?

Muli bwanji nonse amene mukuonera. Lero tili kuno ku Salima, ndipo patebulopa pali sikelo ya kukhitchini, poto, ufa wa mgaiwa ndi madzi. Tiphika phala, kenako tiwerengera limodzi zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi mafuta amene ali m'mbale imodzi.

Tiyambe ndi ufa. Magalamu 100 a mgaiwa amakhala ndi magalamu pafupifupi 73 a zopatsa mphamvu, zambiri mwa izo ndi sitachi, magalamu 8 a mapuloteni, amene ndi zomanga thupi, ndi magalamu 4 a mafuta. Zonsezi pamodzi zimapereka makalori 360, ndipo makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Manambalawa amasinthako pang'ono malinga ndi chimanga. Ufa woyera umatsikirapo pa mafuta ndi mapuloteni, chifukwa pokonola, mtima wa chimanga umapita ndi madeya.

Musanaike chilichonse, yezani poto wopanda kanthu n'kulemba penapake. Ambiri amaiwala apa, ndipo akaiwala masamu onse amasokonekera. Tsopano ndayeza ufa magalamu 100. Madzi ndi lita imodzi, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera magalamu 1,000. Ndiye kuti zolowa m'poto zonse ndi magalamu 1,100.

Phala lapsa. Ndikuikanso poto pasikelo, ndikuchotsera kulemera kwa poto uja, ndipo latsala magalamu 900. Nanga 200 apita kuti? Auluka ngati nthunzi. Koma mvetsetsani apa: chimene chauluka ndi madzi okha. Sitachi, mapuloteni ndi mafuta sizituluka ndi nthunzi. Makalori 360 aja akadali m'poto momwemu, angomwazikana m'magalamu 900 a phala. N'chifukwa chake timagawa ndi kulemera kwa phala lakupsa, osati 1,100 amene tinayamba nawo. Onani pasikirinipa:

```
360 ÷ 900 × 100 = 40
```

Magalamu 100 aliwonse a phalali ali ndi makalori 40. Mukachita chimodzimodzi ndi zinazo, mupeza magalamu 8 a sitachi, mapuloteni osakwana galamu imodzi, ndi mafuta osakwana theka la galamu. Mukanagawa ndi 1,100 mukanapeza makalori 33, yankho lolakwika. Ndipo musatenge 900 wanga ngati lamulo. Moto wa nkhuni ndi wa mbaula siufanana, poto wovundikira sataya madzi ngati wosavundikira. Tsiku lililonse mukafuna yankho lolondola, yezaninso.

Apa tsopano ndi pamene pamandikhudza. Tinene kuti mwana wa miyezi 10 wadya magalamu 150, mimba yake yadzaza. Magalamu 150 ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a poto uja. Walandira makalori 60 ndi mapuloteni galamu imodzi ndi pang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa miyezi 9 mpaka 11 amene akuyamwa amafunika makalori pafupifupi 300 patsiku kuchokera ku zakudya zina. Ndi phala ili, ndiye kuti mbale zisanu, koma kamimba kake sikangakwanitse. Mkaka wa m'mawere uli ndi makalori opitirira 60 pa magalamu 100. Choncho phala lamadzimadzili likuchepa mphamvu kuposa mkaka wa m'mawere umene phalalo likuulanda malo m'mimba. Mayi amaona mwana wakhuta, koma kusikelo mzere wa pakhadi sukukwera.

Tiyeni tikonze. M'poto yemweyu ndikuthira nsinjiro magalamu 50. Mtedza uli ndi mafuta ambiri, moti magalamu 50 amenewa akubweretsa makalori pafupifupi 280 ndi mapuloteni magalamu 13. Tiphatikize: makalori ndi 640, mapuloteni ndi magalamu 21, phala likulemera 950. Pa magalamu 100 tafika pa makalori 67. Mukachepetsa madzi kuti phala lipse lili magalamu 700, mufika pa 91. Mbale ija ya magalamu 150 tsopano ili ndi makalori pafupifupi 137 ndi mapuloteni magalamu 4 ndi theka. Mwana yemweyo, mbale yomweyo, koma mphamvu zaposa kawiri. Kwathu kunyanja kuno usipa wouma susowa. Usinjeni bwino, muusefe, muthireko. Kuwerengera kwake n'komweku, kuphatikiza zonse zolowa kenako kugawa ndi kulemera kwa phala lakupsa.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Kuyeza ufa ndi kapu kumanamiza, chifukwa kapu yotsendera ndi yongotapa sizilemera mofanana. Chachiwiri, chimene mwana wadya si chimene mwapakula. Yezani mbale asanadye, muyezenso akamaliza. Kusiyana kwakeko ndiko muwerengere.

Ngati mulibe sikelo, tapani phala ndi supuni n'kuipendeka. Likangoyenderera n'kugwa, madzi achuluka. Likakakamira pasupuni n'kumagwa pang'onopang'ono, limenelo mpatseni mwana.