Mastermind: Mmene Mungapezere Mitundu Yobisika Mutangoyesa Kasanu

[Pa sikirini: bolodi la Mastermind, timabowo tinayi tabisidwa]

Pa masewera a Mastermind, mnzanu wabisa tizikhomo tinayi, ndipo wasankha pa mitundu 6. Inu mukuika mizere ya tizikhomo tinayi poyesa kupeza mtundu ndi malo a kalikonse. Mtundu umodzi akhoza kuubwereza, choncho njira zosanjira zilipo 1,296. Koma katswiri wa masamu ndi makompyuta, Donald Knuth, anasonyeza m'zaka za m'ma 1970 kuti kuyesa kasanu n'kokwanira nthawi zonse. Chachikulu n'chakuti mzere uliwonse umene mukuika ukhale funso loti yankho lake, kaya libwere lotani, lichotse njira zambiri.

Kuti tisasokonezeke, mitundu tiipatsa manambala kuyambira 1 mpaka 6. Mukaika mzere, mnzanu amayankha ndi tizikhomo ting'onoting'ono. Kakuda kamatanthauza kuti mtundu mwalondola, malonso mwalondola. Koyera ndiye kuti mtunduwo ulimo koma mwauika pamalo olakwika. Apa ambiri amasochera: kakuda kakaikidwa koyambirira sindiye kuti kakunena za bowo loyamba. Mayankhowa amangokupatsani chiwerengero, sakuloza bowo.

[Pa sikirini: 1 1 2 2]

Yambani ndi mitundu iwiri, uliwonse kawiri. Mukayamba ndi 1111, mnzanu n'kupanda kuika kalikonse, mumatsala ndi njira 625. Mukayamba ndi 1234, zikavuta kwambiri zimatsala 312. Koma 1122 sisiya zoposa 256.

Tiyerekeze kuti yankho ndi kakuda kamodzi basi. Ndiye kuti pali 1 mmodzi m'bowo loyamba kapena lachiwiri, apo ayi pali 2 mmodzi m'bowo lachitatu kapena lachinayi. Onse awiri sangakhalemo, chifukwa tikanaona tizikhomo tiwiri.

[Pa sikirini: 1 3 4 4]

Tasiya 1 pamalo pake kuti timuyese, ndipo tabweretsa mitundu iwiri yatsopano. Mnzanu sakuika kalikonse. Musakhumudwe, chifukwa yankho lopanda kanthu limanena zambiri zedi. 1 mulibe, 3 mulibe, 4 mulibenso. Popeza 1 watuluka, kakuda kaja kanali ka 2. Mabowo atatu enawo ndi a 5 ndi 6 okhaokha, mitundu imene sitinaikhudze n'komwe. Pa njira 256 zija, zatsala 16.

Apa ndi pofunika kudekha. Wina angaike 5555 kuti awerenge kuti ma 5 alipo angati. Mzere umenewu sungapambane, chifukwa tikudziwa kale kuti 2 alimo, ndiponso ukhoza kukusiyani ndi njira 6. Ine ndimakonda mzere wofunsa mafunso atatu nthawi imodzi.

[Pa sikirini: 5 5 2 6]

Mzerewu ukufunsa ngati 2 ali m'bowo lachitatu, ngati ma 5 ndi ambiri kuposa ma 6, komanso kumene ali. Ukugwirizana ndi mayankho onse am'mbuyo, moti ukhoza kukhala yankho lenilenilo. Ndipo kaya mnzanu ayankhe zotani, sizitsala njira zoposa zitatu.

Wayankha: kakuda kamodzi, toyera titatu. Tonse pamodzi ndi tinayi, kutanthauza kuti mitundu yonse tailondola: ma 5 awiri, 2 mmodzi, 6 mmodzi. Chatsala n'kusanja.

Tiyambe ndi 2, chifukwa malo ake ndi awiri okha. Akanakhala kuti ali m'bowo lachitatu, kakudako kakanakhala kake, ndipo 6 akanayenera kuchoka kumapeto n'kupita m'bowo loyamba kapena lachiwiri. Koma akalowa m'limodzi, linalo likhalabe ndi 5 pamalo pake, takuda n'kukhala tiwiri. Ife taona kamodzi. Choncho 2 ali m'bowo lachinayi.

Tsopano 5, 5 ndi 6 agawane mabowo atatu oyambirira. 5562 sizingatheke, chifukwa ma 5 onse akanakhala pamalo pawo, takuda tiwirinso.

[Pa sikirini: 5 6 5 2 ndi 6 5 5 2]

Zatsala ziwirizi, ndipo palibe yankho lam'mbuyo limene lingazisiyanitse. Ikani imodzi. Ikakhala yomweyo, mwamaliza pa mzere wachinayi. Ikakana, inayo ndi ya mzere wachisanu.

Musanaike mzere uliwonse, chitani kaye ngati ndiwo wabisidwa, ndipo muyankhe nokha mizere yanu yakale umodziumodzi. Yesani 5652 ndi 1122: kakuda kamodzi, zagwirizana. Ndi 1344: palibe kanthu, zagwirizana. Ndi 5526: kakuda kamodzi, toyera titatu. Mukapeza kuti palibe mzere ngakhale umodzi umene ukugwirizana ndi mayankho onse, mufunseni mnzanuyo aonenso mayankho ake, makamaka pa mizere imene ili ndi mtundu wobwereza, chifukwa kachikhomo kobisika kamodzi sikayenera kuwerengedwa kawiri.