Mawu a m'mawa: "Lazaro ali m'tulo" (Yohane 11:11-14)

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Mulanje kwacha ndi chiperoni, phiri silikuoneka n'komwe.

Sabata yatha pa gulu la mpingo wathu panafika uthenga wakuti, "Kwagwa zovuta kwa Chitakale, agogo atisiya." Palibe anafunsa kuti atisiya kupita kuti. Tonse tinamva. Kwathu kuno timati nkhuku yafa, mbuzi yafa, koma munthu wamwalira, watisiya, watsogola, watsikira kulichete. Munthu atalemba kuti "agogo afa", akuluakulu angamufunse kuti analeredwa ndi yani.

Mawuwa si ofanana ayi. Tikati atisiya, maso athu ali pa otsala, pa mayi amene wakhala pamphasa m'siwa muja. Tikati atsogola, tikuvomereza kuti njirayo ndi yathu tonse, iwo angoyamba. Tikati agona, tanena za chikhulupiriro, pakuti wogona amadzuka. N'chifukwa chake Paulo pa 1 Atesalonika 4:13 anawatcha akugona, polimbikitsa Akhristu kuti asalire ngati anthu opanda chiyembekezo.

Koma taonani zimene zinachitika Yesu atanena kuti Lazaro ali m'tulo. Ophunzira anaganiza za tulo teniteni, n'kunena kuti ngati wagona ndiye achira. Yesu sanawasiye mumdima. Anawauza poyera kuti Lazaro wamwalira.

Apa m'pamene ife timaphonya. Pamaliro a agogo aja panali kamdzukulu ka zaka 5. Anakauza kuti agogo agona. Tsiku lachitatu, anthu atabwera kale kumanda, kamwanako kanasiya kachidutswa ka mbatata m'mbale kuti agogo adye akadzuka. Usiku kakumakana kugona, kakuopa kuti nako akakatsekera m'bokosi. Mayi ake anachita kukakhazika pamiyendo n'kukauza kuti, "Agogo amwalira mwanawe. Thupi lawo lasiya kupuma, sabweranso kunyumba kuno. Tulo tako ndi tina, iwe mawa udzuka." Kanalira kwambiri, koma usiku umenewo kanagona.

Chimodzimodzi chizolowezi chathu chouza wachibale wakutali kuti "matenda akula, bwerani msanga" pamene munthu wapita kale. Cholinga n'chabwino, kuti asakomoke m'minibasi. Koma masiku ano akafika pa Luchenza amakhala ataona kale chithunzi cha malemu pa WhatsApp. Bola kuimbira munthu amene ali naye pafupi kuti amukhazike pansi n'kumuuza.

Polemba uthenga wachipepeso, ine ndimayamba ndamvetsera mawu amene ofedwawo agwiritsa ntchito. Akati "mayi atisiya", nanenso ndimati, "Pepani kwambiri kuti mayi atisiya, mawa tifika kudzakhala nanu." Sindithamangira kunena kuti akapuma, kapena kuti musalire. Pamaliro a Lazaro yemweyo Yesu analira (Yohane 11:35), ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa.

Atate, kumbukirani banja la kwa Chitakale m'mawa uno, ndi kamwana kaja kakamafunsanso za agogo ake. Amen.