Thumba la indekisi: kugula msika wonse m'malo mosankha kampani imodzi

Zikomo a tcheyamani, amayi ndi abambo. Ndiyambe ndi mawu oti indekisi, chifukwa ndi amene amaopseza anthu. Indekisi ndi mndandanda chabe wa makampani, ndi nambala imodzi yosonyeza ngati mitengo ya masheya awo onse pamodzi yakwera kapena yatsika. Kwathu kuno, msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre uli ndi indekisi yake, MASI. Ku America kuli S&P 500, ya makampani akuluakulu pafupifupi 500.

Thumba la indekisi limasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri, ngati banki mkhonde, n'kugula masheya a makampani onse a pamndandandapo. Silisankha ayi. Koma silimagula mofanana: kampani yaikulu imatenga gawo lalikulu.

Tiyerekeze msika wa makampani atatu okha. Masheya onse a yoyamba ndi a K600 biliyoni, yachiwiri K300 biliyoni, yachitatu K100 biliyoni. Inu mayi mwaika K100,000 m'thumbamo. Ndiye kuti K60,000 yapita ku yoyamba, K30,000 ku yachiwiri, K10,000 ku yachitatu. Yachitatuyo ikagwa mpaka kutsekedwa, mwataya K10,000. Mnzanu amene anamva mphekesera mu minibasi ya ku Kawale n'kuika zonse pa kampani imeneyoyo, watsala manja ali m'khosi.

Wina anena kuti, nanga bwanji osapereka ndalama kwa katswiri kuti andisankhire makampani abwino okhaokha? Apa mpamene pagona nkhani. Katswiriyo amalipidwa chaka chilichonse, kaya wapindula kaya waluza, ndipo malipiro akewo amadulidwa pa ndalama zanu. Thumba la indekisi sililemba gulu la akatswiri ofufuza, siligulagula n'kugulitsagulitsa, choncho limadula zochepa.

Tiwerengere limodzi, ndipo izi ndi nambala zongoyerekezera, musapite kunyumba n'kumati ndakulonjezani. Mwaika K1,000,000, msika ukukwera ndi 10 peresenti pachaka, kwa zaka 20. Thumba lodula 0.2 peresenti pachaka likusiyirani pafupifupi K6,490,000. Lodula 2 peresenti likusiyirani pafupifupi K4,660,000. Kusiyana kwake kwadutsa K1,800,000, kuposa ndalama imene munayamba nayo! Zili ngati anankafumbwe m'nkhokwe: tsiku lililonse simuona kanthu, koma pofika Januwale thumba lapepuka. Kuti katswiri uja akuyenereni, ayenera kuuposa msika chaka ndi chaka ndi zoposa zimene akudulazo, ndipo ochita zimenezo kwa zaka zambiri ndi owerengeka.

Amene anabweretsa njirayi kwa anthu wamba ndi John Bogle wa kampani ya Vanguard, mu 1976, ndipo poyamba anthu ankamuseka. Warren Buffett, katswiri wosankha masheya weniweniyo, anabetcha madola 1 miliyoni kuti kuyambira 2008 mpaka 2017 thumba lotsata S&P 500 liposa matumba a akatswiri odula zambiri. Anapambana.

Tsono ndisakunamizeni. Thumbali limakutetezani kampani imodzi ikagwa, osati msika wonse ukagwa. Mu 2008 momwemo S&P 500 inatsika ndi 37 peresenti, ndipo matumba oitsata anatsika nayo. Amene anachita mantha n'kugulitsa ndi amene analuzadi. Choncho ya fizi ya temu yamawa, kapena ya feteleza, isapite kumeneko.

Vuto lina ndi lathu lomwe. Makampani a pamsika wa ku Blantyre safika ndi 20 omwe, ndipo ambiri mwa akuluakuluwo ndi mabanki, monga National Bank, Standard Bank, FDH ndi NBS. Kumbukirani chitsanzo chija: kampani yaikulu itatsika ndi theka, mwataya K30,000 pa K100,000. Dengu lodzaza tomato yekhayekha, ngakhale wa m'madimba osiyanasiyana, limamva mtengo wa tomato basi. Kunja kuli madengu aakulu, koma kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo a Reserve Bank, ndiye muyambire ku banki yanu, osati kwa mnyamata wa pa WhatsApp.

Bambo kumbuyoko afunsa kuti angadziwe bwanji kuti thumba ndi la indekisi lenileni. Si thumba lililonse losonkherana limene lili la indekisi, bambo, ambiri ali ndi wosankha. Muwafunse kuti akutsata indekisi iti, ndipo akudula peresenti zingati pachaka mukaphatikiza zonse, ngakhale zolowera ndi zotulukira. Kenako akuonetseni phindu la zaka zapitazo pambali pa indekisiyo. Lenileni limayenda nayo limodzi, n'kutsalira pang'ono chabe chifukwa cha zodula zija. Indekisi ikakwera ndi 15 peresenti iwo n'kukupatsani 9, afotokoze kumene 6 winayo wapita. Ndipo musanasaine, muone chiphaso chawo chochokera ku Reserve Bank.